Ayi, chenilulo si kungotsitsa mphamvu

"Pa pepala lojambulidwa lomwe timagawana pa foni alemba kuti diferensheti ya y = (3x² + 1)⁵ ndi 5(3x² + 1)⁴. Akuti lamulo ndi kungotsitsa mphamvu n'kuchotsapo imodzi basi."

Zimenezi ndazimva kwa zaka zambiri, ndipo zanditopetsa. Lamulo limenelo limakwanira lokha pamene chimene chakwezedwa mphamvu ndi x yekha. Apa mkati mwa mabulaketi muli fankishoni ina, nayonso ikusintha x akamasintha.

Tchulani zamkatizo kuti u = 3x² + 1, ndiye y = u⁵. Kunja kumapereka dy/du = 5u⁴, mkati du/dx = 6x. Chenilulo, lamulo lopezera diferensheti ya fankishoni yomwe ili ndi ina mkati mwake, imati muchulukitse ziwirizi, chifukwa kusintha kwa x kumayamba kwafika pa u, kenako u ndiye amasuntha y. Yankho ndi 30x(3x² + 1)⁴.

Musangondikhulupirira, tengani kakyuleta. Pa x = 1, y ndi 1024. Pa x = 1.001, y ndi pafupifupi 1031.7. Kusiyana kwake, 7.7, mukakugawa ndi 0.001 mupeza pafupifupi 7700. Yankho lathu limapereka 7680, pomwe la papepalalo limapereka 1280 yokha.

Mwinatu wolembayo analemba 6x kumapeto koma kamera inadula mzerewo; mapepala ojambulajambula amatero, ka ² kamafufutika. Ndiye musanatumizire anzanu a chaka choyamba pepala lotere, yesani kaye ndi nambala imodzi.