Wina adule, wina asankhe: koma wopindula ndani?

Anthu awiri akamalimbirana keke, njira yakale kwambiri ndi yoti mmodzi agwire mpeni, mnzakeyo ayambe kusankha. Ngakhale pa Genesis 13 ilipo: Abramu anauza Loti kuti akalowera kumanzere iye apita kumanja, ndipo Loti anasankha chigwa cha Yorodano. Ubwino wake ndi wakuti safunika woweruza, komanso sizifunika kuti awiriwo azikonda zofanana. Wodula amadula mwakuti chidutswa chilichonse chimene chingamutsalire chikhale theka m'maso mwake. Wosankha amatenga chomwe chamukomera. Palibe angadandaule kuti wamanidwa.

Koma kusamanidwa si kupindula mofanana. Tiyerekeze keke yotalika masentimita 20, theka lakumanzere lili ndi chokoleti, lakumanja lilibe. Aliyense tim'patse mapointi 100 oti asonyeze mmene akuikondera. Wodula alibe nazo ntchito za chokoleti, ndiye kwa iye sentimita iliyonse ndi mapointi 5. Wosankha amafera chokoleti: mbali yachokoleti waipatsa 80, inayo 20. Wodula akadula pakati penipeni, mnzakeyo atenga chokoleti chonse n'kupita ndi 80, iye n'kutsala ndi 50. Wasunga chilungamo, koma mphoto yagwera wina. N'chifukwa chake ndikafunsidwa ndimati, ngati simukum'dziwa bwino mnzanuyo, m'patseni mpeni.

Zimatembenuka wodula akadziwa mtima wa mnzake. Amangodula pa sentimita 7 kuchokera kumanzere. Kachidutswa kakang'onoko n'kachokoleti kokhakokha, ndipo kwa wosankha ndi mapointi 56 pomwe chachikulucho ndi 44. Atenga kakang'ono, mosangalala ndithu, wodula n'kutsala ndi masentimita 13, omwe kwa iye ndi mapointi 65. Kuchenjeraku kuli ndi msampha wake. Ngati anangoganiza molakwika, mnzakeyo anyamula chachikulucho, iye n'kugwira 35 yokha.

Anthu akakhala atatu, nkhani imakula. Hugo Steinhaus, katswiri wa masamu wa ku Poland, anasindikiza mu 1948 njira imene anzake Stefan Banach ndi Bronisław Knaster anapeza. Woyamba amadula chidutswa chomwe akuona kuti ndi gawo limodzi mwa atatu. Wachiwiri akaona kuti chakula, amachichepetsa, zodulidwazo n'kubwezera ku keke yotsala. Wachitatu amachitanso chimodzimodzi. Amene wachikhudza ndi mpeni komaliza ndiye mwini wake. Awiri otsalawo amagawana mwa nthawi zonse, wina kudula wina kusankha. Palibe angadule chachikulu dala poopa kuti wina angochisepa pang'ono n'kuchitenga, ndipo wochepetsa mopitirira amadzimana yekha.

Aliyense amapezadi gawo lake limodzi mwa atatu, koma nsanje imatha kutsala. Uja wachoka koyamba ndi mapointi 33 angaone anzake akugawana zotsalazo m'njira yoti, mwa kuwerengera kwake, wina wapeza 50 ndipo wina 17. Iye sanaberedwe, komabe akusirira mbale ya mnzake. Kwa anthu awiri, kulandira gawo lokwana ndi kusasirira ndi chinthu chimodzi. Kuyambira atatu zimasiyana.

Akatswiri a masamu John Selfridge ndi John Conway, aliyense payekha, anapeza mankhwala a nsanjeyi, ndipo mpeni sudutsa koposa kasanu. Woyamba amadula zidutswa zitatu zofanana m'maso mwake. Wachiwiri amasepa chomwe akuchiona chachikulu mpaka chilingane ndi chotsatira, zosepedwazo n'kuziika padera. Wachitatu amayamba kusankha, kenako wachiwiri, yemwe ayenera kutenga chosepedwacho ngati chikadalipo. Woyamba amatenga chotsala, chomwe nthawi zonse chimakhala chathunthu.

Luso lili pa zoikidwa padera zija. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu, amene sanatenge chidutswa chosepedwa ndiye amazigawa patatu. Wotenga chosepedwa amasankha koyamba, woyamba uja n'kutsatira, wogawayo n'kumaliza. Mwina mungadabwe kuti woyamba alolerenji wina kumutsogolera. Chifukwa chake n'chakuti ngakhale wotenga chosepedwayo atapatsidwa zosepedwa zonse, angobwezeretsa chidutswa chija momwe chinalili, chomwe woyamba ankachiona chofanana ndi chake.

Kwa anthu anayi kapena kuposerapo, njira yopanda nsanje yokhala ndi malire a kadulidwe inavuta mpaka mu 2016, pamene Haris Aziz ndi Simon Mackenzie anaipeza. Malire ake ndi nambala yaikulu moti keke ingasanduke fumbi musanamalize, choncho pa tebulo lenileni la anthu ambiri ine ndimabwerera ku njira ya Banach ndi Knaster ija, nsanje pang'onoyo n'kuilola.