Chisanu chafika: agogo avala chiyani kumapazi?

Juni akangolowa ndipo Chiperoni chikayamba kuwomba, ife ogwira ntchito ya mafizo timadziwiratu mawu amene tizimva: "Komatu tinawagulira chijekete chachikulu pa kaunjika." Chijeketecho n'chimene ndatopa nacho. Chimalemera, chimamanga mapewa, ndipo agogo akaterereka manja satuluka msanga kuti agwire khoma. Masana kukafunda amatuluka thukuta m'katimo, madzulo thukutalo n'kuwazizira pathupi.

Avekeni zopepuka zitatu: vesiti yogwira thupi, malaya a manja aatali, kenako juzi yotsegula kutsogolo. Dzuwa likakwera avula juziyo okha, osaitana munthu. Chipewa chisaiwalike.

Mabatani ang'onoang'ono aja, zala za nyamakazi sizingawathe m'mawa kukuzizira. Pitani kwa telala aikepo akuluakulu kapena zomata, ndipo pa zipi mangiranipo kachingwe kokokera. Buluku likhale la lasitiki, osati la lamba. Mkodzo wa munthu wamkulu sudikira, ndipo akadzinyowetsa ambiri amachita manyazi kunena, amangokhala ndi chonyowacho mpaka kuzizidwa. Amene anadwala sitiroko, yambani kuveka mkono wofookawo; povula, umalizire ndi womwewo.

Koma nkhani yeniyeni ili kumapazi. Gogo wina wa ku Dedza sandichoka m'mutu. Ana ake anamuveka masokosi ochindikala usiku, mwachikondi ndithu. Mbandakucha anadzuka kupita kuchimbudzi, chitenje chikukwekwereza pansi, n'kuponda simenti yopaka polishi. Anagwera chammbali, osathanso kuimirira. Achibale anati wangobzungunyuka, ena anati ndi zaanthu, ndipo anapita naye kukamutema mphini m'chiuno ndi kumukoka mwendo. Atafika kuchipatala patatha masabata angapo, kumsana kunali kale zilonda za kugona, chifuwa chitadzaza. Fupa la m'chiuno linali litathyoka tsiku lomwe anagwalo.

Mphini sizilumikiza fupa. Munthu wamkulu akagwa n'kulephera kupondera mwendo, akumva ululu m'mphechepeche, mwendowo ukuoneka waufupi ndipo phazi lapendekera kunja, musamuimiritse, musamukoke, musamusisite. Mugonekeni, mumufunditse, mupeze galimoto tsiku lomwelo.

Masokosi okha pa simenti ayi. Masilipasi ayinso: ndi masokosi salowa bwino, ndipo pa mame amaterera. Nsapato ikhale yotseka chidendene, yafulati, yomanga ndi zomata, pansi pake pa labala wa mizeremizere. Itembenuzeni muione, mizere ikafufutika, nsapatoyo yatha ngakhale pamwamba ikuwala. Kayeseni madzulo pamene mapazi atupako, atavala masokosi omwe azivala nayo. Ngati agogowo ali ndi matenda a shuga, pisani dzanja m'nsapato musanawaveke, chifukwa mapazi awo mwina samva kamwala kapena msoko wokanda. Chitenje chilekeze pamwamba pa akakolo, ndipo polishi wa m'chipinda chawo dikirani nayeni mpaka chisanu chithe.