Chilungamo Pogawa Zimene Zatuluka M'nyanja

“Kodi chilungamo si kugawa mofanana basi?”

Ayi, ndipo asodzi a ku Senga Bay ku Salima anazidziwa kalekale. Tiyerekeze kuti khoka la chilimira lakola usipa wa K300,000. Poyamba amachotsa za mafuta, tinene K100,000, chifukwa popanda petulo mawa boti silipita panyanja. Zotsalazo ambiri amadula pakati: K100,000 ya mwini khoka, inayo ya alovi, anthu okoka khokalo. Alovi akakhala khumi, aliyense atenga K10,000, ndipo apa m'pamene kufanana kumagwira ntchito, poti onse akoka chingwe chimodzi usiku wonse.

Koma siginala, amene amakhala pabwato ndi nyali kukopa usipa, nthawi zambiri amalandira zoposa. Mukamulinganiza ndi mnyamata amene wayamba dzulo, mawa mumupeza kwa bwana wina. Ine sindimuda.

Nanga agogo amene afika kugombe ndi kambale? Sanapalase, koma amawapatsa ndiwo, usipa wodzaza manja awiri, ndalama zisanawerengedwe. Vuto limabwera opempha akachuluka tsiku limene nsomba zavuta. Ndiwozo zimadya gawo la alovi, ndipo mudzamva kung'ung'udza boti lisanakokedwe n'komwe kumtunda.