Thiranki ya pakati pa maswichi awiri imafuna `native vlan` yofanana mbali zonse

Ndatopa kumva amisiri akunena kuti thiranki, ulalo wonyamula ma VLAN angapo pakati pa maswichi, ili bwino chifukwa chakuti nyali ya pa poti ikuyaka yobiriwira. Nyaliyo imangosonyeza kuti kebulo yalumikizika, ndipo sidziwa kanthu za VLAN, gulu lapadera la makompyuta pa netiweki, imene fulemu iliyonse ya deta ikugweramo.

Malinga ndi muyezo wa IEEE 802.1Q, fulemu yodutsa pa thiranki imaikidwa tagi ya mabaiti 4 yonyamula nambala ya VLAN yake, kupatula mafulemu a VLAN imodzi yokha, yotchedwa `native vlan`, amene amayenda opanda tagi. Swichi yolandira ikaona fulemu yopanda tagi siifunsa kumene yachokera, imangoiponya mu `native vlan` ya poti yakeyo. Pa maswichi a Cisco nambalayi imakhala 1 kufikira munthu ataisintha, choncho vuto limabadwa wina akasintha mbali imodzi n'kuiwala inayo.

Tinene kuti mu ofesi VLAN 10 ndi ya owerengera ndalama, VLAN 20 ndi ya alendo, ndipo swichi yoyamba yaikidwa `native vlan 10` pamene yachiwiri yaikidwa 20. Fulemu ya owerengera ndalama imatuluka m'swichi yoyamba yopanda tagi n'kukafikira pakati pa alendo, ndipo ya mlendo wa ku swichi yachiwiri imalowa kwa owerengera ndalama osadutsa pa rauta kapena pa chitetezo chilichonse. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa laputopu ya mlendo ikhoza kulandira adiresi ya DHCP ya m'gulu la ndalama, ndipo palibe amene angadandaule popeza intaneti ikugwira.

Koma maswichi a Cisco oyendetsa PVST+, njira yoletsa mafulemu kumangozungulira pa netiweki, amazindikira kusiyanaku n'kutseka VLAN ziwirizo pa thiranki, motero zina zonse zimayenda koma 10 ndi 20 zimaima. CDP, njira imene maswichi a Cisco oyandikana amadziwirana, nayonso imabwereza uthenga wa `%CDP-4-NATIVE_VLAN_MISMATCH`. Pali amisiri a m'kachikwama amene amalemba `no cdp run` kuti uthengawo ulekeke, kenaka n'kulandira malipiro vuto lili pomwepo. Musawalole, ndipo musadikire kuti mudzakonze tsiku lina.

Lembani `show interfaces trunk` pa swichi iliyonse, muyerekeze nambala zimene zili pansi pa `Native vlan`. Kenaka pangani VLAN yopanda kompyuta iliyonse, monga 99, pa maswichi onse awiri, ndipo muiike pa mapoti onse awiri a thirankiyo:

```
interface GigabitEthernet0/1
 switchport trunk native vlan 99
```

Ngati mukukonza muli kutali, yambani ndi swichi imene mumaifikira kudzera pa thirankiyo, chifukwa mukayamba ndi yapafupi, VLAN imene mukulowera ikhoza kuduka, ndipo padzafunika munthu wopita ndi kebulo ya konsolo kumene kuli swichi inayo.