Msonkho wa mulingo umodzi: ukaphweka, walipira ndani?

Nyengo ya bajeti ikayandikira, mawu awiri amabwera mobwerezabwereza mpaka kutopetsa. Ena amati, bwanji tonse tizingodulidwa peresenti yofanana, nkhani ithe? Ena amakana kukwezedwa malipiro kapena kugwira ovataimu poopa kuti alowa m'gulu la msonkho wapamwamba n'kumatenga ndalama zochepa kuposa kale. Mawu onsewa muzu wake ndi umodzi: anthu sanaonetsedwe mmene msonkho wa masitepe umawerengedwera. Ndipo munthu amene sanamvetse zimenezi sangathe kuyeza ngati mulingo umodzi ungamupepuze kapena kumupsinja.

Tiyambe ndi mantha a kukwezedwa malipirowo, chifukwa amalanda anthu ndalama zenizeni. Ndigwiritsa ntchito masitepe a PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, amene ankagwira ntchito ku Malawi m'chaka cha boma cha 2024/25. Manambalawa amasintha ndi bajeti, choncho a chaka chino muwaone ku bungwe lotolera msonkho la MRA, koma kawerengedwe kake sikasintha. K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho. Kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti, kuchokera apo kufika K2,550,000 ankadula 30, ndipo yopitirira pamenepo 35.

Munthu wolandira K490,000 ankadulidwa K85,000, n'kutsala ndi K405,000 tisanawerenge za penshoni ndi ngongole. Amukweze kufika K520,000. Inde, walowa sitepe ya 30 peresenti, koma 30 ameneyo amakhudza K20,000 yokha imene yadutsa mzere, osati malipiro onse. Msonkho wake ukufika K93,500, iye akutsala ndi K426,500. Pa K30,000 imene amuwonjezera, K21,500 yalowa m'thumba. Palibe malo pa masitepewa pamene kukwezedwa kumachepetsa ndalama zobwera nazo kunyumba. Ngati peyisilipu yanu ikuonetsa zina, pitani ku ofesi ya malipiro akuwerengereni mukuona, chifukwa penapake palakwika kapena pali china chimene adula.

Chitsanzo chimenechi chikuyankhanso theka la mlandu wa kuphweka. Masitepe anayi si chinthu chovuta. Ndi kuchulukitsa katatu ndi kuphatikiza kamodzi, ndipo kompyuta ya olemba ntchito imachita zimenezi wantchito asanaone n'komwe ndalamayo. Chimene chimadya nthawi pa msonkho ndi funso lina: ndalama yodulidwa msonkhoyo ndi iti? Alawansi ya nyumba ilowe kapena ayi? Galimoto ya kampani imene bwana amapita nayo kumudzi Loweruka iwerengedwe bwanji? Mwini golosale akagula matayala, ndi a bizinesi kapena a pakhomo? Mafunso amenewa ndiwo amadzaza malamulo, ndiwo amakokanitsa anthu ndi MRA, ndipo onse amatsalabe ngakhale mulingo utakhala umodzi.

Amene amakonda mulingo umodzi amatchula dziko la Estonia, ndipo salakwa kulitchula. Estonia inayamba msonkho wotere mu 1994 pa 26 peresenti, ndipo anthu ambiri kumeneko amamaliza fomu yawo ya msonkho pa intaneti m'mphindi zochepa. Koma taonani chimene chimapangitsa zimenezo. Fomuyo imabwera itadzazidwa kale ndi zimene olemba ntchito anatumiza ku boma, ndipo zinthu zimene munthu amaloledwa kuchotsera asanawerenge msonkho n'zochepa. Kuphwekako kunachokera ku kuchepetsa zipata ndi kukonza kaundula. Dziko la masitepe anayi likhoza kuchita chimodzimodzi osataya sitepe ndi imodzi yomwe. Komanso Estonia sinkadula kuyambira pa ndalama yoyamba. Inali ndi gawo lopanda msonkho, ndiye kuti wolandira zochepa ankaperekabe gawo laling'ono la mapezedwe ake poyerekeza ndi wolemera.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu amaombera m'manja chinthu chimene chidzawapweteka okha. Boma silisintha kawerengedwe ka msonkho kuti litolere zochepa. Mankhwala m'zipatala ndi malipiro a aphunzitsi amafunabe ndalama zomwezo. Choncho funso loyenera ndi lakuti: kuti ndalama zotoleredwa zisatsike, mulingo umodziwo ukhala wotani, ndipo katunduyo achoka pamutu pa ndani kupita pamutu pa ndani?

Tiyerekeze kuti dziko lonse lili ndi antchito atatu okha. Mlonda amalandira K200,000, kalaliki K600,000, mkulu wa kampani K3,000,000. Pa masitepe aja mlonda amapereka K12,500, kalaliki K117,500, mkuluyo K860,000. Zonse pamodzi ndi K990,000 pa malipiro okwana K3,800,000. Kuti boma lipeze ndalama yomweyo ndi mulingo umodzi wopanda gawo laulere, liyenera kudula pafupifupi 26 peresenti kwa aliyense. Mkulu uja atsika kufika K780,000, wapepukidwa ndi K80,000. Kalaliki akwera kufika K156,000. Mlonda achoka pa K12,500 kufika K52,000.

Mlondayo ndi amene amandisowetsa mtendere. K39,500 imene yawonjezeka pa iye siinali ndalama yosungira kubanki. Inali ya lendi, ya thumba la chimanga, ya minibasi yopitira kuntchito. Pamapepala iye ndi bwana wake apereka mofanana, 26 pa 100 iliyonse. Kunyumba sizifanana ayi, chifukwa wina wadulidwa pa ndiwo za ana pamene mnzake wadulidwa pa ndalama imene ikanagula puloti yachitatu. Ndipo musaiwale kuti mlondayu amapereka kale msonkho wa mulingo umodzi tsiku lililonse. VAT, imene m'chaka chimenecho inali 16.5 peresenti, siyang'ana nkhope ya wogula. Wosauka amawononga malipiro ake onse pogula zinthu, wolemera amasungako ena, choncho msonkho wa pa malonda umaluma kwambiri wa pansi ngakhale zakudya zina zili zosadulidwa. Masitepe a PAYE ndiwo amabwezako mbali ina ya sikeloyo.

Wina anena kuti, chabwino, tisunge K150,000 yaulere ija koma pamwamba pake pakhale mulingo umodzi. Ameneyu walankhula zanzeru, ndipo ndi mmene mayiko ambiri a mulingo umodzi anachitira. Koma werengani. Ndalama zodulidwa msonkho zikachepa, mulingo uyenera kukwera kufika pafupifupi 29.5 peresenti. Mlonda wapulumuka, akupereka K14,750. Mkulu uja akupereka K840,750, wapepukidwabe. Amene wasenza ndi kalaliki, amene akuchoka pa K117,500 kufika K132,750. Anthu atatuwa ndi chitsanzo chabe, si kalembera wa dziko, koma njira imene katundu amayendera ndi yomweyo kulikonse: mukachotsa sitepe yapamwamba koma ndalama zotoleredwa zisasinthe, zimene wapamwamba wasiya amazitola ndi wapakati kapena wapansi. Aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki amene amakuwa kwambiri kuti msonkho ukhale umodzi ndi omwe angaulipire.

Sindikunena kuti mbali inayo ilibe mfundo. Ili nayo imodzi yolemera, ndipo ndi yokhudza kuzemba. Mulingo wapamwamba ukakwera kwambiri, anthu a ndalama amayamba kubisa, kapena kusintha dzina la ndalama zawo kuti zigwe pa mulingo wotsika. Russia mu 2001 inachotsa masitepe a 12, 20 ndi 30 peresenti n'kuika 13 kwa onse, ndipo ndalama za msonkho zinakwera. Ena amene ankabisa malipiro anayambadi kuwaonetsa. Koma inalinso nthawi imene chuma cha dzikolo chinkakula, malipiro akukwera, katoleredwe kakukhwimitsidwa, choncho kuika zonse pa 13 peresentiyo n'kunama. Chodziwika n'chakuti mu 2021 Russia inawonjezera sitepe ya 15 peresenti kwa opeza zambiri. Slovakia inayamba 19 peresenti mu 2004, n'kubwezeretsa sitepe ya 25 mu 2013. Mayikowa anayesa, anaona, anabwerera pang'ono. Phunziro lake ndi lakuti masitepe asachuluke ndiponso asatalikirane mopitirira, osati kuti achotsedwe.

Kuzembako kuno kwathu kumaoneka motere. Mwini kampani amene akanalandira K3,000,000 amaigawa patatu, n'kulemba mkazi wake ndi mwana wake ngati antchito, aliyense K1,000,000. Aliyense adulidwa K237,500, pamodzi K712,500, m'malo mwa K860,000. Masitepe ndiwo atsegula mpata umenewu, zoona. Komabe mulingo umodzi wokhala ndi gawo laulere sungautseke wonse, chifukwa dzina lililonse lowonjezera limabwera ndi gawo lake losadulidwa.

Ndipo ndichenjeze pano, chifukwa madobadoba odzitcha alangizi a msonkho akugulitsa nzeru zimenezi ngati mankhwala. Amabwera ndi laputopu, opanda chiphaso chilichonse cha ntchito ya akaunti, n'kukuuzani kuti lembani achibale, kapena tchulani theka la malipiro kuti ndi alawansi kuti lisadulidwe. Ngati mkazi wanu amagwiradi ntchito pakampanipo ndipo malipiro ake ndi ogwirizana ndi ntchitoyo, palibe vuto. Ngati mwanayo ali kusukulu ndipo sanapondepo muofesi, ofufuza mabuku akadzafika adzafunsa kalata yomulembera ntchito, ntchito imene amagwira, ndi akaunti imene ndalamayo imalowa. Alawansi yoperekedwa ngati ndalama mwezi ndi mwezi ndi malipiro basi, kaya mwaipatsa dzina lanji. Zikadziwika, msonkho wa miyezi yonse ya m'mbuyo umabwera pakamodzi, pamwamba pake chilango ndi chiwongoladzanja, ndipo kalatayo imalembedwa dzina la olemba ntchito. Dobadoba uja foni yake imakhala itazima kalekale.

Chimodzimodzi ndi kuchedwa. PAYE imene mwadula wantchito si ndalama yanu yoyendetsera bizinesi podikira kuti kasitomala akulipireni. Iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwa m'dzenje limeneli: mwezi umodzi amabwereka ndalamayo kuti agule katundu, mwezi wachiwiri ngongole yawirikiza, wachitatu amayamba kuopa ngakhale kutsegula tsamba la pa intaneti la MRA lotchedwa Msonkho Online. Ngati mwatsalira, tumizanibe fomu ya mwezi uliwonse pa nthawi yake ngakhale ndalama isanakwane, pitani nokha mukakambirane za kalipiridwe asanakupezeni, ndipo wokuthandizani mabuku akhale munthu amene angakuonetseni chiphaso chake ndi kusaina dzina lake pa zimene wawerenga.