Nkhope ya wakuba: anaifufuza ndi kamera ndi tepi yoyezera, koma sinapezeke

Foni ikasowa m'minibasi yochokera ku depoti kupita ku Area 25, maso onse amathamangira kwa munthu mmodzi. Nthawi zambiri ndi mnyamata wa chipsera patsaya, wa maso ofiira, amene wakhala chete pakona. Wina amanong'oneza mnzake kuti, “Achimwene, nkhope imeneyo simukuiona?” Mawu omwewo amamveka mayi akamasankha wantchito wapakhomo, kapena mwini nyumba ku Kawale akamakana munthu wofuna lendi. Zodabwitsa n'zakuti makolo athu anachenjeza kale kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, komanso kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma tikafika pa wakuba timaiwala zonsezo.

Maganizo amenewa sanayambire kuno, ndipo ku Ulaya anafika pokhala maphunziro enieni. Agiriki akale ankafanizira anthu ndi nyama, ati wofanana ndi mkango ndi wolimba mtima. M'zaka za 1775 mpaka 1778 m'busa wina wa ku Zurich m'dziko la Switzerland, Johann Kaspar Lavater, anatulutsa mabuku a zithunzi ophunzitsa kuwerenga khalidwe pa mphumi, mphuno ndi chibwano, ndipo anagulidwa kwambiri. Mu 1831 Charles Darwin anatsala pang'ono kukanidwa malo m'sitima yotchedwa Beagle chifukwa woyendetsa wake, Robert FitzRoy, anaona ngati mphuno ya mnyamatayo ndi ya munthu wosapirira. Ulendowo unatenga zaka 5 ndipo Darwin anaumaliza.

Amene anaifikitsa nkhaniyi kundende ndi dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso. Iye anafufuza chigaza cha mkaidi wina wakufa, Giuseppe Villella, n'kupeza kadzenje kunkhongo, m'kati mwa fupa. Apo anagamula kuti alipo anthu obadwa ali zigawenga, ndipo mu 1876 anafalitsa zizindikiro zawo: nsagwada zazikulu, makutu otambalala, mphumi yopendekera kumbuyo, mikono yaitali. Anayeza akaidi ambirimbiri ndipo zizindikirozo anazipezadi. Cholakwa chake chinali chakuti sanayeze mosamala anthu a kunja kwa ndende kuti afanizire. Munthu atalowa ku Maula lero n'kupeza kuti akaidi 30 mwa 100 ali ndi makutu aakulu, sanapeze kalikonse mpaka atapita mumsika wa Lilongwe n'kuwerenganso makutu a ogulitsa tomato 100. Akapezanso 30 kumeneko, ndiye kuti makutuwo ndi makutu basi.

Ena mwa mayeso oyambirira amene anasokoneza chikhulupirirochi anachitidwa ndi munthu amene ankachikhulupirira. Francis Galton, msuweni wake wa Darwin, analandira zithunzi za akaidi kuchokera kwa mkulu wa ndende za ku Mangalande, ndipo mu 1878 anafotokoza njira yozisanjikiza kuti zitulutse nkhope imodzi. Ankasankha zithunzi zojambulidwa mofanana kukula kwake ndi kumene munthu wayang'ana, n'kuziboola ndi singano kuti maso a chithunzi chilichonse agwere pamalo amodzimodzi zikapachikidwa kutsogolo kwa kamera. Makamera a nthawiyo ankafuna nthawi kuti chithunzi chigwire pagalasi. Ngati galasi limafuna masekondi 80 ndipo zithunzi zilipo 8, chilichonse chinkaonetsedwa masekondi 10 okha, kenako n'kuchichotsa kuti chotsatira chionekere. Motero chinthu chopezeka pa munthu mmodzi yekha, monga mphuno yokhota, chinkangosiya kachithunzithunzi kosaoneka bwino, pamene chopezeka pa onse 8 chinkagwira mwamphamvu.

Nzeru yake inali yabwino ndithu. Ngati nkhope ya chigawenga ilipo, iyenera kutsala pagalasi zina zonse zitazimiririka. Chimene chinatsala ndi nkhope ya munthu wamba, yooneka yaulemu kuposa nkhope iliyonse mwa zimene zinalowamo. Chifukwa chake n'chosavuta: chimene chinkaopsa pa mkaidi uyu sichinali chomwe chinkaopsa pa uja. Wina mlomo, wina nsidze, wina chipsera, ndipo posanjikiza zonse zinafafanizana. Galton mwiniwake anavomera kuti maonekedwe oipawo asowa, ngakhale sanasiye maganizo ake ena oika anthu m'magulu a apamwamba ndi apansi.

Tepi inamaliza zimene kamera inayamba. Dokotala wa kundende, Charles Goring, mothandizidwa ndi katswiri wa masamu Karl Pearson, anasanthula miyeso ya akaidi pafupifupi 3,000 a ku Mangalande: utali ndi ufupi wa mutu, mtunda wa pakati pa maso, makutu, mphuno ndi zina zambiri. Kenako anachita chimene Lombroso analephera, kuwafanizira ndi asilikali, odwala m'chipatala ndi ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge. Zotsatira zinatuluka mu 1913, ndipo mtundu wapadera wa mutu kapena nkhope ya chigawenga sunapezeke. Kusiyana kumene kunaoneka n'kwakuti akaidi ambiri anali ofupikirako ndi opepukirako. Goring anati zimenezo n'zakumtundu, ndipo apa ndi pomwe nayenso anaterereka, chifukwa mwana wokulira m'njala amapinimbira, ndipo ndende za kulikonse zimadzaza ndi amphawi.

Ndiye n'chifukwa chiyani m'minibasi muja anthu onse amaloza munthu mmodzi? Mu 2006 akatswiri a ku yunivesite ya Princeton ku America, Janine Willis ndi Alexander Todorov, anaonetsa anthu zithunzi za nkhope kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Kanthawi kameneko kanakwanira kuti munthu agamule ngati nkhopeyo ndi yodalirika, ndipo chigamulocho chinkafanana kwambiri ndi cha anthu amene anapatsidwa nthawi yonse imene ankafuna. Tonse timagamula msanga, ndiponso mofanana. Nkhope imene milomo yake inakhala ngati ikumwetulira timaiyesa ya munthu wabwino, ya nsidze zotsika timaiyesa yaukali, ngakhale mwiniwake anangobadwa choncho ndipo akuganiza za mtengo wa ufa. Msampha uli pakuti anthu 15 akagwirizana, aliyense amaona ngati anzake 14 ndi mboni, chonsecho onse awerenga nsidze zomwezo.

Kukumbukira kwathu nakonso kumakondera. Mlonda wa nkhope yoopsa akaba, nkhani imafika mpaka ku Likuni, aliyense akuti ndinanena ine. Akagwira zaka 10 osasowetsa ngakhale khasu, palibe amaiwerengera. Wa nkhope yofatsa akathawa ndi ndalama za banki m'khonde timangoti anatipusitsa, osaona kuti chimene chatipusitsa ndi chizolowezi chathu chomwe chija choweruza munthu pa nkhope.

Nkhope imanena zinthu zina zoona, koma ndi za thupi ndi za tsiku limenelo: kutopa, malungo, mantha, mowa wa dzulo. Maso ofiira amabwera ndi fumbi la mu Okutobala kwa wakabaza, kusagona kwa mlonda, kapena utsi wa nkhuni kwa agogo amene aphika m'khitchini yopanda zenera kwa zaka 50. Kumpoto kwa Tanzania amayi okalamba ambiri anaphedwa powanamizira ufiti, maso ofiirawo akutengedwa ngati umboni. Kuno lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo wozengedwa ndi wonenayo, osati agogowo.