Funso la maola 48 lisapite kosindikiza lopanda tsiku

Ndatopa kumva mawu akuti "yankho lili m'buku" nthawi iliyonse ndikabweza funso kwa mnzanga amene walilemba. Ndimaphunzitsa za malamulo kuno ku Salima, ndipo mayeso asanasindikizidwe mafunso amadzera patebulo langa. Vuto lomwe ndimapeza kawirikawiri ndi lakuti wolemba amaona yankho limodzi lomwe analiganiza kale, pamene wophunzira wodziwa bwino lamulo akuona awiri.

Pali funso lina lomwe limabwerabwerabe, longosintha dzina la munthu. Limati: msodzi wa ku Senga Bay anamangidwa nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndipo anakaonekera kukhoti patatha maola 72. Kodi ufulu wake unaphwanyidwa? Papepala la mayankho palembedwa kuti inde, chifukwa munthu womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Tsegulani malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42(2)(b), ndipo muwerenge mpaka kumapeto kwa chiganizo, osaimira pa nambala. Gawoli likupitiriza kunena kuti ngati maola 48 athera kunja kwa nthawi yomwe khoti limagwira ntchito, kapena pa tsiku lomwe khoti silikhala, munthuyo aonekere pa tsiku loyamba lomwe khoti likhale. Tsono tiwerengere. Msodziyo akamangidwa Lolemba 10 koloko, maola 48 akutha Lachitatu 10 koloko, khoti lili chitsegulire. Kumutengera kukhoti Lachinayi ndi kuchedwa, ndipo "inde" ndi yankho lolondola. Koma akamangidwa Lachisanu 10 koloko, maola 48 akutha Lamulungu. Tsiku loyamba la khoti ndi Lolemba, ndipo maola 72 akukwana Lolemba lomwelo 10 koloko. Apa wophunzira woyankha kuti malire sanapitirire ali ndi phazi lopondapo. Funsolo silinanene tsiku. Amene analoweza nambala yokha apeza malikisi, amene anawerenga gawo lonse alakwa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa mayesowo akulanga wakhama.

Ena ndikawaonetsa izi amangowonjezera mawu akuti "Lachisanu" n'kusintha yankho kukhala "ayi". Sizinathebe. Gawo lomwelo limayamba ndi kunena kuti womangidwa apite naye kukhoti msanga momwe zingathekere. Maola 48 aja ndi malire omaliza chabe. Wophunzira wochenjera afunsa kuti munthu womangidwa Lachisanu m'mawa, khoti lili pafupi pa boma pomwepo, analekeranji kupita naye tsiku lomwelo. Mfundo imeneyo ndi yomveka, ndipo mwabwereranso pa mayankho awiri.

Chokonza chake n'chapafupi. Ikani Lolemba, nenani kuti sabata imeneyo munalibe tchuthi cha boma, ndipo musinthe chofunsacho: nthawi yomaliza yomwe lamulo limalola kuti msodziyo aonekere kukhoti ndi iti? Yankho ndi limodzi, Lachitatu 10 koloko m'mawa. Ngati mukufunadi kuti ophunzira atsutsane za Lachisanu lija, palibe choletsa, koma likhale funso lofotokoza, ndipo pepala la mayankho lilandire mbali zonse ziwiri malinga wophunzira watchula gawolo. Musaliike pa mafunso osankha A kapena B.

Njira yomwe ndimadalira ndi iyi: funso lipite kwa mnzanu lopanda pepala la mayankho, ndipo mumupemphe kuti ayankhe ngati loya woimira yankho lomwe inu mukuti n'lolakwa. Akatha kulitchinjiriza ndi gawo la lamulo popanda kuwonjezera china pa nkhaniyo, funsolo silinapse. Kumufunsa kuti "likumveka?" n'kutaya nthawi, aliyense amati likumveka.

Chaka nachonso musachisiye. Mpaka 2017 malamulo aakulu ankalola munthu wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja makolo akavomereza, ngakhale lamulo la maukwati la 2015 linali litaika kale zaka 18. Kusintha kwa 2017 kunachotsa mpata umenewo. Funso lokhudza ukwati wa mtsikana wa zaka 17 lopanda chaka likhoza kukokedwa uku ndi uku. Ndipo chenjerani ndi timabuku ta mafunso ndi mayankho tomwe anthu amagulitsa titajambulidwa pa makina, topanda dzina la wolemba ngakhale chaka. Ndaonamo mayankho otsamira pa lamulo lakale, ndipo aphunzitsi otanganidwa amangokopera mmenemo.

Chonde, bweretsani mafunso nthawi ikadalipo, osati madzulo oti mawa akasindikizidwe. Mapepala akangogawidwa m'chipinda cha mayeso, chotsala ndi kufafaniza funso lonse kapena kupatsa aliyense malikisi, ndipo wophunzira amene anataya mphindi khumi akulimbana ndi tsiku losatchulidwa lija sabwezeredwa nthawi yake.